Kuchokera ku Madrid kukafika ku New York: n'chifukwa chiyani masamu anga akupitirira ndi makilomita 2,000?

*Funso: Aphunzitsi, ndimafuna kupeza mtunda wa pakati pa Madrid ndi New York pogwiritsa ntchito latichudi ndi longichudi. Mizinda iwiriyi ili pafupifupi pa latichudi imodzi, ndipo malongichudi ake amasiyana ndi madigiri 70.3. Ndinachulukitsa 70.3 ndi makilomita 111 n'kupeza makilomita pafupifupi 7,800, koma mabuku akuti ndi makilomita pafupifupi 5,770. Ndalakwitsa pati, nanga njira yolondola ndi iti?*

Kuchulukitsa kwanuko kulibe vuto. Cholakwika chili pa nambala ya 111, imene mwaiika pamalo amene si ake. Digiri imodzi imakhala makilomita 111 pokhapokha mukuyenda pa mzere umene ukuzungulira dziko lonse n'kuligawa pakati ndendende. Mzere wotere timautcha mkombero waukulu. Ikweta ndi mkombero waukulu. Mzere uliwonse wa longichudi, mukauphatikiza ndi mnzake wa kuseri kwa dziko, ndi mkombero waukulunso. Koma mzere wa latichudi 40, pamene pali Madrid ndi New York, ndi mkombero waung'ono, ndipo madigiri ake ndi aafupi.

Nambala ya 111 ija imachokera apa. Tikamatenga dziko ngati mpira wobulungira bwinobwino, mtunda wochokera pakatikati pake kufika pamwamba, umene timautcha rediyasi, ndi makilomita 6,371. Kuzungulira mpira wonsewo ndi makilomita pafupifupi 40,030, ndipo mukagawa ndi madigiri 360 mumapeza makilomita 111.19 pa digiri iliyonse. Tsono yang'anani pa gulobu. Mizere ya longichudi ndi yotalikirana kwambiri pa ikweta, koma imanka niyandikana mukamapita kumpoto kapena kumwera, mpaka yonse imakakumana pa nsonga ya dziko. Choncho digiri ya longichudi imafupika molingana ndi kosayini ya latichudi imene muli. Pa latichudi 40.5 ndi makilomita pafupifupi 84.5, ndipo pa latichudi 60 yatsala theka lokha, makilomita 55.6.

Mukakonza zimenezi, n'kuchulukitsa madigiri 70.3 ndi makilomita 84.5, mupeza makilomita pafupifupi 5,940. Mwayandikira, koma simunafike. Makilomita 170 otsalawo ndi amene ali ndi phunziro lenileni. Mtunda wa 5,940 ndi wa munthu amene wanyamuka ku Madrid n'kumangolunjika kumadzulo osapatuka, kutsata mzere wa latichudi mpaka ku New York. Pa mapu a pepala njira imeneyi imaoneka yowongoka, ndiye maso amatiuza kuti ndiyo yachidule. Si yachidule ayi. Ngati muli ndi gulobu, tengani ulusi, mugwire mbali imodzi pa Madrid, ina pa New York, n'kuukoka mpaka utakungika. Muona kuti ulusiwo sugona pa mzere wa latichudi 40. Ukwera chakumpoto, ndipo pakati pa nyanja ya Atlantic ufika cha pa latichudi 46, kenako n'kutsikanso. Ulusi wokungikawo wagona pa mkombero waukulu umene ukudutsa m'mizinda iwiriyo, ndipo pa mpira palibe njira ina yaifupi kuposa imeneyi.

Ndiye funso lenileni silakuti "madigiri a longichudi ndi angati". Funso ndi lakuti: munthu atakhala pakatikati pa dziko, n'kuloza Madrid ndi dzanja limodzi, New York ndi dzanja linalo, manja akewo atambasuka madigiri angati? Ngodya imeneyi tiitche c. Mukaipeza, ntchito yatha, chifukwa madigiri a c ndi a pa mkombero waukulu, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuchulukitsidwa ndi 111.19.

Kuti tipeze c timajambula thirayango pamwamba pa gulobu. Makona awiri ndi mizinda yathu. Kona yachitatu ndi nsonga ya kumpoto ya dziko, ndipo timasankha imeneyi dala chifukwa chilichonse chokhudza nsongayo tikuchidziwa kale. Kuchokera pa nsonga kutsika ndi mzere wa longichudi kukafika ku Madrid ndi madigiri 90 kuchotsapo latichudi ya Madrid. Kuchokera pa nsonga kukafika ku New York ndi madigiri 90 kuchotsapo latichudi ya New York. Mizere iwiriyi ikamasiyana pa nsongapo imapanga ngodya, ndipo ngodyayo ndi kusiyana kwa malongichudi kuja, madigiri 70.3. Apa ndi pamene 70.3 wanu amagwira ntchito: ndi ngodya ya pa kona, osati utali wa mbali. Tili ndi mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pake, tikufuna mbali yachitatu.

Pa pepala lafulati tikanagwiritsa ntchito malamulo amene munaphunzira a thirayango wamba. Pa mpira malamulowo sagwira, ndipo chitsanzo chimodzi chikukwanira kusonyeza zimenezi. Tengani malo awiri pa ikweta otalikirana madigiri 90, n'kuwalumikiza ndi nsonga ya kumpoto. Thirayango imeneyi ili ndi ngodya zitatu za madigiri 90, zonse pamodzi 270 osati 180, ndipo mbali zake zitatu n'zofanana, iliyonse makilomita pafupifupi 10,000. Lamulo la Pythagoras likanati mbali yoyang'anana ndi ngodya ya 90 ndi makilomita opitirira 14,000. Likanaphonya ndi makilomita 4,000.

Lamulo loyenera ndi la makosayini a pa mpira. Ngati mbali ziwiri zodziwika ndi a ndi b, ndipo ngodya ya pakati pake ndi C, limati:

```
cos c = cos a · cos b + sin a · sin b · cos C
```

Onani kuti pano mbali nazonso zikuyezedwa m'madigiri, osati m'makilomita. Popeza mbali zathu ndi 90 kuchotsapo latichudi, ndipo kosayini ya (90 − φ) ndi sayini ya φ, pamene sayini ya (90 − φ) ndi kosayini ya φ, lamuloli limasanduka ili, limene ndi loyenera kulisunga pamtima:

```
cos c = sin φ1 · sin φ2 + cos φ1 · cos φ2 · cos Δλ
```

Chilembo φ chikuimira latichudi, ndipo Δλ ndi kusiyana kwa malongichudi.

Tiyeni tiike manambala. Madrid ili pa latichudi 40.4 kumpoto, longichudi 3.7 kumadzulo. New York ili pa latichudi 40.7 kumpoto, longichudi 74.0 kumadzulo. Yonse ili kumadzulo kwa Greenwich, choncho timachotsera: 74.0 kuchotsa 3.7 ndi 70.3. Sayini ya 40.4 ndi 0.6481, sayini ya 40.7 ndi 0.6521, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kumapereka 0.4226. Limeneli ndi gawo loyamba. Kosayini ya 40.4 ndi 0.7615, kosayini ya 40.7 ndi 0.7581, ndipo zikachulukitsidwa zimapereka 0.5773. Kosayini ya 70.3 ndi 0.3371, ndiye gawo lachiwiri ndi 0.5773 kuchulukitsa ndi 0.3371, zomwe ndi 0.1946.

```
cos c = 0.4226 + 0.1946 = 0.6172
c = cos⁻¹(0.6172) = 51.89°
51.89 × 111.19 ≈ 5,770
```

Si ameneyo 5,770 wa m'mabuku uja. Mizinda imene imasiyana madigiri 70.3 a longichudi, kwa munthu woyang'ana ali pakatikati pa dziko, yangotalikirana madigiri 51.89.

Ine sindikhulupirira lamulo limene sindinaliyese pa zinthu zimene yankho lake ndikulidziwa kale, ndipo inunso muzitero. Ikani mizinda yonse iwiri pa ikweta. Masayini akhala 0, makosayini a latichudi akhala 1, ndipo patsala cos c = cos Δλ, kutanthauza kuti c ndi kusiyana kwa malongichudi komweko. Pa ikweta pokha ndi pamene njira yanu ija ikanapereka yankho lolondola. Kenako ikani mizindayo pa longichudi imodzi. Δλ ikhala 0, kosayini yake 1, ndipo zotsalazo ndi kosayini ya kusiyana kwa malatichudi, monga mmene ziyenera kukhalira.

Chitsanzo cha Madrid ndi New York n'chofewa chifukwa mizinda yonse ili kumpoto ndiponso kumadzulo. Anthu ambiri amagwa mizinda ikakhala mbali zosiyana za ikweta kapena za Greenwich, ndipo chowagwetsa si masayini koma kachizindikiro ka mayinasi. Mgwirizano wake ndi wakuti latichudi ya kumpoto ilibe mayinasi, ya kumwera ili nayo. Longichudi ya kum'mawa ilibe, ya kumadzulo ili nayo. Tengani Cairo, pa 30.04 kumpoto ndi 31.24 kum'mawa, ndi São Paulo, pa 23.55 kumwera ndi 46.63 kumadzulo. Polemba, São Paulo akhala −23.55 ndi −46.63. Kusiyana kwa malongichudi ndi 31.24 kuchotsa −46.63, komwe ndi kuphatikiza, ndiye 77.87. N'zomveka ndithu: kuchokera ku Cairo muyenda madigiri 31.24 kuti mufike pa mzere wa Greenwich, kenako madigiri ena 46.63 kuti mufike pa mzere wa São Paulo.

Sayini ya 30.04 ndi 0.5006, sayini ya −23.55 ndi −0.3995, ndiye gawo loyamba ndi −0.2000. Kosayini siisamala za mayinasi: ya 30.04 ndi 0.8657, ya −23.55 ndi 0.9167, ya 77.87 ndi 0.2101, ndipo zitatuzi zikachulukitsidwa zimapereka 0.1667. Kuphatikiza magawo awiriwa kumapereka −0.0333. Ophunzira ena akaona mayinasi pa yankho amachita mantha n'kuifufuta. Musaifufute. Kosayini yokhala ndi mayinasi ikungotanthauza kuti ngodya yapitirira madigiri 90, kuti mizindayo yatalikirana kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwa dziko. Pano c ndi madigiri 91.91, ndipo mtunda ndi makilomita pafupifupi 10,220.

Choipa cha kuiwala mayinasi n'chakuti yankho lolakwikalo limaoneka ngati labwinobwino. Mukaiwala kuti São Paulo ali kumwera, mupeza makilomita pafupifupi 7,610, umene ndi mtunda wochokera ku Cairo kukafika pamalo ena pakati pa nyanja ya Atlantic, kumpoto kwa ikweta. Mukaiwala kuti ali kumadzulo, kusiyana kwa malongichudi kukhala 15.39 ndipo mupeza makilomita pafupifupi 6,180, chifukwa mwasamutsira mzindawo ku chilumba cha Madagascar. Kakyuleta siidandaula pa zonsezi. Chimene chingakupulumutseni ndi kuyang'ana pa gulobu musanayambe, n'kudzifunsa ngati mizindayo yatalikirana mochepera kapena mopitirira gawo limodzi mwa anayi la dziko. Palinso malire osavuta kukumbukira: palibe malo awiri pa dziko otalikirana kuposa theka la mkombero waukulu, makilomita pafupifupi 20,015. Yankho lopitirira pamenepo ndi lolakwika, osachita kufunsa.

Kusiyana kwa malongichudi kukapitirira 180 musavutike. Tokyo ali pa 139.7 kum'mawa, Los Angeles pa 118.2 kumadzulo, ndipo kuphatikiza kumapereka 257.9. Njira yaifupi ndi yodutsa pa nyanja ya Pacific, madigiri 102.1, koma kosayini ya 257.9 ndi ya 102.1 ndi imodzimodzi, choncho lamulo lija limadzikonzera lokha.

Pali misampha ina iwiri ya pa zida zowerengera. Woyamba ndi wa maminiti. Mabuku ambiri amalemba latichudi m'madigiri ndi maminiti, mwachitsanzo 40°25′, ndipo digiri ili ndi maminiti 60 osati 100. Choncho 40°25′ ndi 40.42, osati 40.25. Mukalakwitsa apa mwasuntha mzinda ndi makilomita pafupifupi 19. Wachiwiri ndi wa madigiri ndi marediyani, umene ndi muyezo wina wa ngodya. Kakyuleta iyenera kusonyeza `DEG` osati `RAD`, ndipo njira yachangu yoonera ndi kufunsa sayini ya 30: ikayankha 0.5 zili bwino. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Excel amawerengera m'marediyani nthawi zonse, ndiye madigiri aliwonse muyambe mwawasintha. Ngati latichudi ndi longichudi ya mzinda woyamba zili mu `A1` ndi `B1`, za wachiwiri mu `A2` ndi `B2`, mulemba motere:

```
=6371*ACOS(SIN(RADIANS(A1))*SIN(RADIANS(A2))+COS(RADIANS(A1))*COS(RADIANS(A2))*COS(RADIANS(B2-B1)))
```

Apa tachulukitsa ndi 6371, osati 111.19, chifukwa `ACOS` imabweza ngodya m'marediyani. Ngodya ya Madrid ndi New York m'marediyani ndi 0.9056. Mukaichulukitsa ndi 111.19 mupeza makilomita 100 okha, ndipo yankho lochepa modabwitsa chonchi ndi chizindikiro chakuti mwasakaniza miyezo iwiriyi.

Tsopano malire a lamuloli. Pa mizinda yotalikirana ndi labwino kwambiri, koma pa malo oyandikana limafooka, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Ngodya ikakhala yaing'ono, kosayini yake imayandikira 1 kwambiri moti kusiyana konse kumabisala m'manambala akutali a kumapeto. Malo awiri otalikirana kilomita imodzi ali ndi cos c wa 0.9999999877. Mukamawerengera ndi manambala anayi okha pambuyo pa kadontho, monga tachitira pamwambapa, mtunda uliwonse wochepera makilomita pafupifupi 64 umaoneka ngati 1.0000, kutanthauza ziro, ndipo nambala yotsatira, 0.9999, imalumphira pa makilomita 90. Pakati pa ziro ndi 90 mulibe chilichonse. Kompyuta zamakono zimasunga manambala 15 kapena 16, choncho vutoli limayamba kuoneka pa mitunda ya mamita ochepa okha, koma kwa munthu wowerengera pamanja ndi lalikulu.

Mankhwala ake ndi kulemba lamulo lomwelo mwa njira ina, yotchedwa havasayini, imene amalinyero ankaigwiritsa ntchito kale ndi matebulo awo, ndipo R. W. Sinnott anaikumbutsanso anthu m'chaka cha 1984 m'magazini ya Sky and Telescope:

```
h = sin²(Δφ/2) + cos φ1 · cos φ2 · sin²(Δλ/2)
c = 2 · sin⁻¹(√h)
```

Si lamulo latsopano ayi. Nambala h ndi theka la (1 − cos c). Kusiyana kwake n'kwakuti pano tikuwerengera kachidutswa kakang'onoko mwachindunji, m'malo mokafunafuna kumchira kwa 0.99999. Yesani pa Madrid ndi New York: theka la kusiyana kwa malatichudi ndi 0.15, theka la kusiyana kwa malongichudi ndi 35.15, h atuluka 0.1914, ndipo c abwera pafupifupi 51.89 yemwe uja. Kwa ine, ngati mukulemba pulogalamu imene idzalandire malo alionse, apafupi ndi akutali omwe, sankhani havasayini. Ngati mukufuna kumvetsa chimene chikuchitika, kapena muli m'chipinda cha mayeso, lamulo la makosayini ndi lomveka bwino chifukwa thirayango yake mukuiona ndi maso. Havasayini nayo ili ndi pofookera pake, pa malo awiri amene ali pafupifupi kuseri ndi kuseri kwa dziko, koma mizinda yotere si kawirikawiri kukumana nayo.

Malire ena ndi a dziko lenilenilo, limene si mpira weniweni. Ndi lophwatalala pang'ono ku nsonga zake. Pa muyezo wa WGS 84, umene GPS imagwiritsa ntchito, rediyasi ya pa ikweta ndi makilomita 6,378.137 ndipo ya ku nsonga ndi 6,356.752, kusiyana kwa makilomita pafupifupi 21. N'chifukwa chake digiri ya latichudi ndi makilomita 110.57 pa ikweta koma 111.69 ku nsonga. Nambala ya 6,371 ndi ya pakati, ndipo yankho lochokera pa iyo likhoza kuphonya ndi pafupifupi theka la peresenti zinthu zikaipitsitsa, makamaka pa ulendo wolunjika kumpoto kapena kumwera kufupi ndi ikweta. Pa makilomita 10,000 ndiye kuti makilomita mpaka 50. Akatswiri oyeza malo amene amafuna kulondola kwa mamilimita amagwiritsa ntchito njira ya Thaddeus Vincenty ya 1975 kapena ya Charles Karney ya 2013, zomwe zimawerengera kuphwatalalako, ndipo zimenezo ndi ntchito ya kompyuta, osati ya pensulo.

Pa funso la mizinda, kulondola koteroko n'kungodzivutitsa. Mzinda si kadontho. New York yekha ndi wotambalala makilomita makumi angapo, ndipo buku lina limayeza kuchokera pakati pa mzinda pamene lina limayeza kuchokera pa bwalo la ndege. Latichudi yolembedwa ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho, ngati 40.4 wathu uja, ikhoza kukhala itasuntha kale ndi makilomita 5 kapena 6. Choncho yankho loona mtima ndi "pafupifupi makilomita 5,770", ndipo amene walemba 5,769.63 akunena zinthu zimene manambala amene anayambira sangazitsimikize. Mukaona buku lina likuti 5,760 lina 5,780, onse akhoza kukhala olondola.

Mukafuna kuyerekeza ndi mtunda umene ndege yauluka, yembekezani kuti wa ndegewo ukhala wotalikirapo. Mkombero waukulu ndi malire a m'munsi, njira imene palibe angaifupikitse. Ndege zodutsa kumpoto kwa Atlantic zimasintha njira tsiku ndi tsiku potsata mphepo yamphamvu ya m'mwamba imene imaomba kuchokera kumadzulo, kuikwera popita ku Ulaya ndi kuizemba pobwerera, ndipo zimatsatanso njira zimene oyang'anira maulendo a ndege azipatsa. Oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amayeza m'mamailosi a panyanja, ndipo kwa iwo kusintha c kukhala mtunda n'kosavuta kuposa kwa ife. Mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852, pafupifupi miniti imodzi ya pa mkombero waukulu, ndiye amangochulukitsa madigiri ndi 60: madigiri 51.89 a Madrid ndi New York ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 3,113.